Mnzanga wakhoza mayeso aunamwino ulendo wachiwiri, ndimulembere chiyani?

Nangozo_wa_Chete: Abale ndi alongo, ndithandizeni nzeru. Mnzanga amene tinakulira limodzi wangondiuza madzulo ano kuti wakhoza mayeso omaliza aunamwino, aja opezera chiphaso chogwirira ntchito. Chaka chatha analemba koma anagwa pepala limodzi, la kawerengedwe ka mlingo wa mankhwala, ndipo zinamupweteka kwambiri moti anatha miyezi osafuna kukamba za sukulu. Ali ndi mwana wamng'ono, masana amagwira ntchito, kuwerenga amawerenga usiku. Nditamva ndangomuyankha kuti "eee!!" ndi timitima, chifukwa ndinali m'njira. Tsopano ndikufuna kumulembera uthenga weniweni. Ndalemba chonchi:

"Mnzanga, pamapeto pake zatheka! Ine ndimadziwa kale kuti ukhoza chifukwa ndiwe wanzeru kuyambira kale. Chaka chatha unalephera koma taona tsopano. Chatsala ndi kupeza ntchito yabwino, ndiye usatiiwale ife anzako zikayamba kuyenda. Zabwino zonse."

Ndikawerenga ndikumva kuti penapake sipali bwino koma sindikupaona. Ndikufuna amve kuti ndamunyadira, komanso alimbe mtima pa zomwe zikubwera.

Kadzidzi77: Tumizani momwemo. Munthu wakhoza mayeso sawerenga uthenga ngati akuchonga pepala, iye ali pa chimwemwe basi.

Mai_a_Mapasa: Ayi a Kadzidzi, amawerenga ndithu. Mwina osati lero, koma mawa phokoso likatha amabwerera ku mauthenga aja mmodzimmodzi. A Nangozo, choyamba chotsani "usatiiwale". Ine nditamaliza dipuloma yanga, mauthenga ambiri anali ndi mawu amenewo, ndipo m'malo mosangalala ndinayamba kuwerenga anthu amene akundiyembekezera. Ntchito ndinali ndisanaipeze n'komwe. Mumanena mwanthabwala, koma wolandira amamva ngati mwamulembera ngongole.

Mphunzitsi_Wopuma: A Nangozo, mwachita bwino kufunsa musanatumize. Ndaphunzitsa zaka zambiri ndipo ndaona ana ndi akulu akulandira zotsatira, choncho ndiloleni ndidutse mu uthenga wanuwu pang'onopang'ono.

Vuto lalikulu ndi lakuti uthengawu mukhoza kuutumiza kwa munthu wina aliyense amene wakhoza mayeso ena aliwonse, ndipo sungasinthe. Mulibe chilichonse chosonyeza kuti wolemba ndi munthu amene anaona mnzanuyo akuvutika. Chonsecho inuyo muli nacho chuma chimenecho. Mwatiuza za mwana, za ntchito ya masana, za kuwerenga usiku, za pepala la mlingo wa mankhwala. Zimene mwatiuza ife alendo ndi zomwe zikusowa mu uthenga wa mwiniwake. Sankhani chinthu chimodzi chimene munachiona ndi maso anu, tsiku limodzi kapena usiku umodzi, muchitchule. Chimodzi chokha chikwanira.

Kachiwiri, mawu akuti "pamapeto pake". Inu mukutanthauza kuti mtima wanu wakhala pansi. Iye akhoza kumva kuti mumawerenga nthawi imene wachedwa. Kwa munthu wobwereza mayeso, nkhani ya kuchedwa ndi bala lomwe amalidziwa yekha, makamaka ngati anzake a m'kalasi anayamba kale ntchito. Chotsani.

Kachitatu, "ndimadziwa kale kuti ukhoza". Awa ndi mawu achikondi, koma taganizani. Iye sankadziwa. Iye analowa m'chipinda cha mayeso akudziwa kuti pepala lomweli linamugwetsapo. Mukanena kuti zinali zodziwikiratu, mantha onse amene anawagonjetsa mwawachepetsa. Ndi bwino kunena kuti mukudziwa kuti sizinali zophweka.

Ndipo za ntchito zidikire. Lero ndi tsiku la zomwe wachita, za mawa azazimva kwa anthu ambiri osafunsa n'komwe.

Nangozo_wa_Chete: Zikomo aphunzitsi. Koma ndikachotsa za ntchito, chilimbikitso chikhala pati? Sindikufuna ungokhala uthenga womutamanda basi.

Mphunzitsi_Wopuma: Chilimbikitso chabwino chimachokera mu zomwe wachita kale. Mukamuuza kuti "peza ntchito yabwino" mwamupatsa katundu wina. Koma mukamuuza kuti "munthu amene anabwerera ku pepala lomwe linamugwetsa n'kuligonjetsa, odwala adzakhala m'manja abwino kwa iye", mwamupatsa umboni woti adzaugwiritse ntchito tsiku limene adzadzikayikire. Ndipo tsikulo lidzabwera. Anamwino atsopano ambiri amachita mantha miyezi yoyamba, chifukwa mlingo umene pa pepala unali funso la malikisi, mu wodi ndi moyo wa munthu. Chimene adzafune kukumbuka nthawi imeneyo ndi chakuti chinthu chimene chinkamuvuta anachiphunzira mpaka kuchidziwa.

Tsabola_Wakale: Ine ndiwonjezere kuti "ndiwe wanzeru" muchotseretu. Akatswiri anapeza kuti kuuza munthu kuti ndi wanzeru kumamuwononga, amayamba ulesi. Muzitamanda khama lokha.

Dokotala_wa_Mawa: A Tsabola, mwagwira mbali imodzi. Kafukufuku amene mukunenayo ndi wa Claudia Mueller ndi Carol Dweck, wa 1998, ndipo anachitika pa ana a sukulu ya pulayimale. Anawo anapatsidwa mafunso, kenako ena anauzidwa kuti achita bwino chifukwa ndi anzeru, ena kuti chifukwa alimbikira. Atapatsidwa mafunso ovuta n'kulephera, aja anatamandidwa nzeru anafooka msanga ndipo pambuyo pake anachita moipirapo, pomwe aja anatamandidwa khama anapirira. Nkhani sinali ulesi kwenikweni, inali kuopa kuoneka opanda nzeru. Komanso amenewo anali ana, atangotamandidwa kumene ndi munthu wamkulu. Mayi wa mwana amene wamaliza maphunziro aunamwino sangawonongeke ndi liwu limodzi la mnzake. Dweck yemweyo anadzachenjeza pambuyo pake kuti kungotamanda khama mopanda kuona ngati munthu waphunziradi kanthu si zimene ankatanthauza.

Komabe pa nkhani ya a Nangozo ndikugwirizana nanu pa chifukwa china. Mnzawoyu anali wanzeru chaka chathanso, koma anagwa. Ndiye mukati wakhoza chifukwa cha nzeru, funso limene lingabwere mumtima mwake ndi lakuti, nanga chaka chatha nzeruzo zinali kuti? Chimene chasintha pakati pa zaka ziwirizi ndi zomwe anachita. Tamandani zimenezo.

Tsabola_Wakale: Chabwino, za ana sindimadziwa. Koma mfundo yanga yaima.

Chisomo_Chokha: Pepani ndalowa mochedwa. Muuzeni asataye mtima, kulephera si mapeto a moyo, chaka cha mawa adzakhoza. Inenso mchimwene wanga anagwa kawiri.

Kadzidzi77: A Chisomo, munthuyo wakhoza. Werenganinso pamwamba.

Chisomo_Chokha: Ooh pepani, ndinaona mawu oti "unalephera" ndi kuthamangira kuyankha. Ndiye ndi nkhani yabwino! Koma mwaonatu, ngati ine diso langa lakakamira pa liwu limenelo, nayenso likhoza kumukakamira. Ine ndikanati za chaka chatha zisatchulidwe n'komwe.

Mai_a_Mapasa: Apa ndiye sindikuvomera. Kusatchula konse kumaoneka ngati mukuchita manyazi ndi zomwe zinachitika. A Nangozo anali naye pafupi nthawi imeneyo. Akangodumpha, mnzawoyo adzaona kuti adumpha dala. Ulemu wa chipambano chimenechi uli pa chaka chathacho. Kungoti asanene kuti "unalephera", anene zimene iye anachita atagwa.

Chisomo_Chokha: Mchimwene wanga mpaka lero safuna kumva za zaka ziwiri zija. Munthu akazitchula, ngakhale momuyamikira, nkhope imasintha. Anthu ndife osiyana, mayi.

Mphunzitsi_Wopuma: Nonse muli ndi mfundo, ndipo yankho lili kwa mwiniwake. A Nangozo, pokuuzani za zotsatirazi, iyeyo anazitchula za chaka chatha? Ngati anayamba yekha, khomo walitsegula, mukhoza kulowa. Ngati sanatchule, musayambitse ndinu mu uthenga woyamba. Ndipo ngakhale atatchula kwa inu, zimenezo ndi za inu awiri. Zisalembedwe pamene anthu ena akuwerenga.

Nangozo_wa_Chete: Anatchula. Mawu ake oyamba anali akuti "pepala lija landisiya". Ndiye anatumiza chithunzi cha zotsatira.

Mai_a_Mapasa: Basi, wakutsegulirani yekha.

Mlonda_wa_Usiku: Poti mwatchula chithunzi, ndikupempheni chinthu chimodzi: musachiike pa WhatsApp status kapena pa Facebook musanamufunse. Pa pepala la zotsatira pamakhala dzina lonse, nambala ya mayeso, nthawi zina tsiku lobadwa, komanso malikisi a phunziro lililonse. Mnzake wa mlongo wanga anachitira mlongo wangayo zimenezi, mwachikondi ndithu. Anthu m'malo moyamikira anayamba kufunsa chifukwa chake phunziro lina anapeza ochepa. Choipitsitsa, makolo athu anamva kwa anthu a pambali mwana wawo asanawauze. Nkhani yabwino ili ndi mwiniwake, ndipo iye ndiye asankhe woyamba kumva ndani.

Kadzidzi77: Koma anthu inu mwaikulitsa nkhani. Masiku ano aliyense amaika. Ukapanda kuika, mnzako amadandaula kuti sunamunyadire.

Mlonda_wa_Usiku: Sindinati asaike. Ndati afunse. "Kodi ndiike chithunzi chako anthu adziwe, kapena ukufuna uyambe wauza a kwanu?" Ndi chiganizo chimodzi. Ndipo aike chithunzi cha munthu, osati cha malikisi.

Bambo_Fundi: Ine funso langa ndi lina. N'chifukwa chiyani mukulemba? Mnzanu wa paubwana, imbani foni! Amve mawu anu akunjenjemera ndi chimwemwe. Zolembalemba izi n'zozizira.

Dokotala_wa_Mawa: A Fundi mwakhudza chinthu chenicheni. Pali kafukufuku wa Shelly Gable ndi anzake wa 2004 wokhudza mmene anthu amayankhira wokondedwa wawo akabwera ndi nkhani yabwino. Anaona mayankhidwe anayi. Wina amasangalala moonekera n'kufunsa mafunso kuti mwini nkhani afotokoze zambiri. Wina amangoti "zabwino" mwachidule n'kupitiriza zake. Wina amathamangira kuonetsa mavuto, monga "komatu ntchito zikusowa". Wina amasintha nkhani n'kuyamba kukamba zake. Mwa anayiwa, woyamba yekha ndi amene ankayendera limodzi ndi ubale wolimba. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti ngakhale kuyankha kwabwino koma kwachidule kuja sikunathandize ubale.

Ndiye ubwino wa foni ndi woti mukhoza kufunsa. Unali kuti pamene unamva? Unatsegula wekha zotsatira kapena unapatsa wina akuonere? Woyamba kumuuza anali ndani? Munthu akamafotokoza amakhala ngati akulandiranso nkhaniyo kachiwiri. Koma funso lotere likhoza kulowanso mu uthenga wolemba. Ndipo a Nangozo, taonani kuti chiganizo chanu cha ntchito chija chayandikira mayankhidwe achitatu aja, ngakhale simunafune.

Mai_a_Mapasa: Chitani zonse ziwiri. Foni imatha, uthenga umakhala. Ine ndili nawo uthenga umodzi umene mphunzitsi wanga wakale anandilembera, ndimauwerengabe ntchito ikandiwawa. Mawu a pa foni a tsiku limenelo sindikukumbuka ngakhale amodzi, anthu anali ambiri.

Bambo_Fundi: Ine ndimakumbuka amene anandiimbira nditakhoza mayeso a zamagetsi. Amene analemba ndawaiwala. Tisiyane pamenepo, mayi.

Kamwana_ka_Mlimi: Nanga mphatso? Mawu okha opanda kanthu m'manja amakwana? Ine ndikuona ngati kamphatso kamalankhula kuposa ndime zitatu.

Tsabola_Wakale: Kwa namwino, kawotchi kaja kopachika pa chifuwa kamene amawerengera kugunda kwa mtima. Sikafuna zambiri ndipo adzakagwiritsa ntchito tsiku lililonse.

Mlonda_wa_Usiku: Afunse kaye, ambiri amakhala anagula kale ali pa maphunziro a m'chipatala. Mayi wa mwana wamng'ono amene wakhala akuwerenga usiku chaka chonse, mphatso imene ndikuiona ine ndi kumutengera mwanayo tsiku limodzi kuti agone.

Nangozo_wa_Chete: A Mlonda, zimenezo ndiye mwalasa. Za mphatso ndiona pambuyo, panopa tibwerere ku uthenga. Ndalembanso:

"Mnzanga, ndakhala pansi tsopano kuti ndikuuze bwinobwino, chifukwa timitima tija sitinakwane. Ndakunyadira kwambiri. Ndikukumbuka usiku uja ndinakupeza mwana ali kumsana ndi malungo, iwe uli ndi kope ukubwereza masamu a madontho a diripi, ukulakwitsa n'kuyambiranso. Unandiuza kuti mwina unamwino si wako. Koma m'mawa mwake unatsegulanso kope lomwelo. Pepala lija silinakusiye lokha, walichotsa ndiwe. Odwala amene adzagone pa bedi lako adzasamalidwa ndi munthu amene mlingo wa mankhwala anauphunzira mpaka kuudziwa, ndipo tsiku limene udzadzikayikire udzandiimbire ndidzakukumbutse zimenezi. Lero usaganize za mawa, sangalala. Ndikuimbira madzulo undiuze zonse, unali kuti pamene unaona zotsatira?"

Mukuona bwanji? Sunatalike?

Mphunzitsi_Wopuma: Uwu ndi uthenga umene wina aliyense sangaulembe koma inu. Kutalika kuli bwino, ukuwerengeka ndi mpweya umodzi kapena iwiri. Ndikonze kamodzi kokha: "adzagone pa bedi lako" ikhoza kumveka molakwika, nenani kuti "odwala amene adzakhale m'manja mwako". Ndasangalala kuti mwatenga mawu ake omwe, aja a pepala kumusiya, n'kuwabweza kwa iye. Zikusonyeza kuti munamva zimene ananena.

Chisomo_Chokha: Ndi wokoma, koma ine chiganizo cha "mwina unamwino si wako" chikundiopsabe. Anakuuzani ali pansi. Lero ali pamwamba, mukumukumbutsiranji?

Mai_a_Mapasa: Chifukwa ndi pomwe pali kunyadira konse. Popanda chimenecho, kutsegulanso kope kulibe kulemera.

Dokotala_wa_Mawa: Ine ndili pakati. Zikutengera ngati usiku umenewo amaukamba momasuka kapena ayi. A Nangozo ndi amene akumudziwa. Ngati pali kukayika, akhoza kungoti "unali utatopa kwambiri" ndipo chiganizo chotsatira chiimabe.

Mtumiki_Wamng'ono: Abale, ndawerenga zonse koma Mulungu sindikumuona. Mwalemba kuti "walichotsa ndiwe". Kodi si chisomo? Ine munthu akandiyamikira mosatchula Mulungu ndimaona ngati china chasowa.

Bambo_Fundi: Chisomo inde, koma amene amadzuka usiku kuwerenga ndi iyeyo. Anthu ena amangoti "Mulungu ndi wabwino" n'kuthera pomwepo, munthu amene wakhetsa thukuta osamutchula.

Mphunzitsi_Wopuma: Ziwirizi sizilimbana. Tsatirani chilankhulo cha wolandira. Ngati mnzanuyo ndi wopemphera ndipo inu mumamupempherera, nenani zoona zake, kuti mukuthokoza Mulungu amene anamupatsa mphamvu, kenako mutchule zimene iye anachita ndi mphamvuzo. Ngati si wopemphera, musamuike mawu m'kamwa pa tsiku lake.

Nangozo_wa_Chete: Ndi wopemphera kwambiri, ndipo tinkapemphera limodzi mayeso asanayambe. Ndiwonjezera chiganizo chimodzi. Za bedi ndakonza. Za "unamwino si wako" ndazisiya momwemo, chifukwa iye mwini amazinena akamalimbikitsa ena. A Chisomo, ndamva nkhawa yanu, kwa munthu wina ndikanachotsa.

Koma pali china chimene chandibwerera pamene a Mlonda amakamba za status. Tili ndi mnzathu wachitatu, analemba mayeso omwewa, ndipo sanatiuze kanthu mpaka pano. Tonse atatu tili pa kagulu kamodzi ka WhatsApp. Ndimati nditumize uthengawu pamenepo.

Mlonda_wa_Usiku: Ayi ndithu. Tumizani kwa mwiniwake yekha. Munthu akakhala chete tsiku la zotsatira, kawirikawiri nkhani si yabwino. Ndime yonseyo yotamanda mnzake akaiwerenga pa gulu, adzakakamizika kuyamikira mtima ukuwawa, kapena kukhala chete n'kuoneka wansanje.

Kadzidzi77: Mwinanso foni yake yazima chabe, musamuweruze. Komanso wokhozayo asalandidwe chimwemwe chifukwa wina wagwa.

Mphunzitsi_Wopuma: Palibe chimene akulandidwa, uthenga wake aulandira wonse kumbali. Pa gulupo musayambitse ndinu. Ngati wokhozayo alengeza yekha, yankhani mwachidule ndi mokondwa. Wachitatuyo mulembereni payekha, koma osafunsa kuti "zayenda bwanji?", chifukwa funso limenelo limamukakamiza kuyankha asanakonzeke. Mukhoza kungoti mukumuganizira lero ndipo mulipo nthawi iliyonse akafuna kulankhula. Ngati wakhoza, akuyankhani ndi chimwemwe nthawi yomweyo. Ngati wagwa, mwamusiyira mpata.

Mai_a_Mapasa: Ine ndikanadikira mpaka mawa ndisanamulembere wachitatuyo. Uthenga woti "ndikukuganizira" pa tsiku la zotsatira umamveka ngati mwadziwa kale kuti wagwa.

Chisomo_Chokha: Mchimwene wanga ankati chimene chinamuwawa kwambiri ndi chete wa anzake tsiku loyamba. Lero lomwe, a Nangozo.

Nangozo_wa_Chete: Wa wokhozayo ndatumiza kumbali, wayankha ndi mawu ojambula akulira, akuti ndimuimbire mwana akagona. Ndimufunsa iyeyo ngati wamvapo chilichonse za mnzathu wachitatuyo, poti amawerengera limodzi, ndiye ndiona ngati ndilembe usiku uno kapena m'mawa.